Banja la kwa aGogo NaPhiri, Santhe: za loko wa ku sitolo

Azakhali a Chisomo: Mwadzuka bwanji nonse. Feteleza akubwera Loweruka, matumba 12, ndipo soya wa aGogo akadali momwemo. Sitolo ija ilibe loko chiyambire pomwe anatibera mtedza muja. Tikutseka ndi waya basi. Tichitepo kanthu abale.

Madalitso: Ndili pa boma pompano azakhali, mu hadiweya. Andiwonetsa maloko atatu. Wina wachikasu walembedwa 50, wina wa timapuleti tosanjikiza walembedwanso 50, wachitatu ndi wozungulira ngati chitumbuwa, wa 70. Nditenge uti?

Chisomo: Tenga wa 70, nambala yaikuluyo.

Amalume aPhiri: Taima kaye mphwanga, usatulutse ndalama. Nambala imeneyo ndi kutambalala kwa thupi la loko m'mamilimita, sikuti ndi mphamvu yake ayi. Wakuba salimbana ndi thupi, amapita pa khosi, chitsulo chopindika chija. Loko wa 50 khosi lake nthawi zambiri limakhala la mamilimita 8, wa 40 limakhala cha m'ma 6 kapena 7. La 6 chodulira mabawuti chimalidula ngati phesi. Pa sitolo ya feteleza ndingakonde 9 kapena 10.

Madalitso: Onse atatu alembapo mawu achingerezi aja oti hadeni pa khosi.

Amalume aPhiri: Kulemba aliyense amalemba. Pempha tupa kwa mwini shopu, ukhule pang'ono mkati mwa khosi posaoneka. Chitsulo cholimbitsidwadi tupa imangoterereka, siluma, mwina kungosiya kamzere kowala. Ikaluma n'kutulutsa ufa wachitsulo, hakiso idzalumanso chimodzimodzi. Akakana kuti uyese, wayankhidwa kale. Ndipo ukapeza lolembedwa boloni, limenelo ndi lolimba kuposa hadeni wamba, koma mtengo wake umaluma.

Alamu aku Joni: Pepani kulowerera amalume. Kuno pa geti timaika a sitenilesi, sachita dzimbiri.

Amalume aPhiri: Zoona alamu, sachita dzimbiri, koma sitenilesi yambiri ya pa maloko ndi yofewerapo pochekedwa kusiyana ndi chitsulo cholimbitsidwa. Imeneyo ndi ya kunyanja kapena pa geti loti mvula ikugwerapo. Chitseko chathu chili pansi pa khonde. Mdani wathu ku Santhe ndi hakiso ndi fumbi.

Madalitso: Ndayesa. Wachikasu tupa yaluma, mwini shopu mpaka waseka. Wa timapuleti yaterereka. Wozungulira yatererekanso.

Amalume aPhiri: Wachikasuyo muike maginito pa thupi, osati pa khosi. Bulasi weniweni sagwira maginito.

Madalitso: Wamata nganganga.

Amalume aPhiri: Ndiye ndi chitsulo wamba chopaka utoto wachikasu, mubwezere. Ena sagwira maginito koma ukakanda pansi umapeza zotuwa mkati, amenewo ndi a zinki, amasweka ndi hamala. Bulasi weniweni ndi wachikasu mpaka mkati ndipo amalemera m'manja. Ubwino wake sachita dzimbiri, koma ndi wofewa, choboolera chimalowa mosavuta. Wa timapuleti amapirira hamala, kungoti madzi akalowa pakati pa timapuletito amayamba dzimbiri. Tsopano tsegula wa timapuletiyo uone khosi. Lili ndi mphako mbali zonse ziwiri kapena imodzi?

Madalitso: Imodzi yokha, mbali yomwe imatuluka.

Amalume aPhiri: Ndiye amagwira mwendo umodzi. Woteroyo munthu akalowetsa kachitsulo kopyapyala m'mbali mwa khosi, kapena kumumenya bwino ndi hamala, amatseguka. Wabwino amakhala ndi mphako miyendo yonse iwiri, makamaka zozungulira bwino, chifukwa zimenezo zimasonyeza kuti mkati muli timipira tachitsulo, osati kasipuling'i chabe.

Azakhali a Chisomo: Achimwene, zonsezi ndamva, koma ine ndi amene ndinalipo m'mawa uja. Loko sanadulidwe. Tinamupeza pansi pafupi ndi mtondo, ali chitsekere, atalendewera pa hasipu yake. Masikuluwu anayi anali pambali, atawaika bwinobwino pa njerwa ngati akufuna kudzawabwezera. Munthuyo anangobwera ndi sikuludiraiva.

Chisomo: Mpaka kuwasanja pa njerwa! Wakuba waulemu 😂

Azakhali a Chisomo: Usaseke iwe, matumba atatu a mtedza anapita.

Amalume aPhiri: Achemwali mwanena mfundo yeniyeni. Hasipu ija anaikhoma chozondoka, mitu ya masikuluwu ili panja. Yoikidwa bwino, ukaitseka, lilime lake limapindikira pamwamba pa masikuluwu n'kuwabisa onse, a mbali ya chitseko ndi a mbali ya felemu omwe. Komabe ine pa thabwa sindikhulupirira masikuluwu, munthu akapanira chitsulo kuseri amazuka ndi thabwa lomwe. Madalitso, gula mabawuti a mutu wozungulira wopanda mpata wa sikuludiraiva. Apyoze chitseko chonse, manati akhale mkati mwa sitolo, ndi mawashala aakulu, kapena kapuleti kachitsulo kumbuyo. Ukamanga, umenye nsonga ya bawuti ndi hamala kuti nati isamasukenso.

Madalitso: Mabawuti atalike bwanji?

Azakhali a Chisomo: Ndatuma Yamikani ndi lula ya kusukulu. Thabwa la chitseko akuti ndi masentimita 4. Felemu ndi yachitsulo.

Amalume aPhiri: Thabwa 40, hasipu ndi washala ndi nati zitenga ngati 15, ndiye a mamilimita 60 akwana. Felemu ikakhala yachitsulo ndiye bwino kwambiri, mphete yokolekapo lokoyo tiwotcherere. Ndibwera ndi makina Lachisanu, bola magetsi akhalepo.

Madalitso: Ndiye wozungulira uja?

Amalume aPhiri: Ameneyo ndi amene ndikumufuna. Khosi lake limabisala m'thupi, pamangooneka kachigawo kochepa, ndipo akakoleka pa mphete kachigawoko kamadzadza, chodulira chimasowa pogwira. Alibenso sipuling'i yokankha khosi, limayenda ndi kiyi, n'chifukwa chake sungamutseke popanda kiyi. Koma vuto lake ndi lomwelo. Kukamwa kwake n'kochepa, sakwana pa hasipu iliyonse. Usagule padera. Tenga hasipu yochindikala, uitseke m'manja momwemo, ukolekepo loko, ukiye pamaso pa mwini shopu.

Madalitso: Hasipu yoyamba khosi silikulowa pabowo, bowolo n'laling'ono.

Madalitso: Yachiwiri lalowa, wakiyika, koma movutikira pang'ono. Mwini shopu akuti kuli bwino nditenge wa khosi lalitali, amakwana paliponse.

Amalume aPhiri: Ayi, khosi lalitali ndi kumupatsa wakuba polowetsa chitsulo n'kupotokola. Koma kuthina kwambirinso sikwabwino. Thabwa limafufuma nthawi ya dzinja, chitseko chimatsikako, mu Januwale aGogo adzalephera kukiya. Pakhale kampata koti loko azigwedera pang'ono. Yang'ananso kachitsulo ka pa hinjesi ya hasipuyo, kasakhale koti munthu angakagogode ndi msomali n'kutuluka.

Madalitso: Yachitatu ili bwino, akugwedera pang'ono, kachitsulo ka pa hinjesi nsonga zake n'zophwanyidwa mbali zonse. Makiyi alipo awiri okha.

Alamu aku Joni: Tengani zimenezo, ndatumiza kale ndalama pa foni yanu. Yotsalayo mugulire aGogo shuga.

Azakhali a Chisomo: Zikomo alamu. Kiyi mmodzi kwa aGogo, wina kwa ine. Ndipo amene amathira mafuta ophikira mu loko uja asiye, ndikumudziwa.

Amalume aPhiri: Mafuta ophikira amagwira fumbi n'kusanduka phala, kiyi amakana kuzungulira. Loko akayamba kulimba, palani mtima wa pensulo pa kiyi, mulowetse n'kutulutsa kangapo.

Chisomo: Anali Yamikani, si ine.

Amalume aPhiri: Achemwali, mundionereko mahinjesi a chitsekocho asanafike Lachisanu. Ngati ali kunja ndibweretsenso mabawuti ena.

Azakhali a Chisomo: Ali kunja. Limodzi lamangidwa ndi misomali iwiri.