Pepala la magazi la mwana likuonetsa HbA ndi HbS pamodzi, kodi ndi siko selo yeniyeni?

Amake Tadala: Abale anga a pagulu, ndithandizeni. Ndimakhala ku Mufakose. Mwana wanga wa zaka zitatu amalira ndi miyendo usiku wonse, makamaka chiyambire kuzizira kwa Juni. Ali wakhanda ankatupa zala. Tinakayezetsa magazi, kuyeza kuja amati elekitirofolesisi, ndipo pepala la mitundu ya himogulobini, yonyamula mpweya m'magazi ija, lalembedwa HbA 31%, HbS 58%, HbF 8%, HbA2 3%. Adokotala tidzaonana nawo sabata yamawa. Apongozi akuti si matenda a kuchipatala amenewa. Manambalawa akutanthauza chiyani?

Bambo Phiri wa ku Mbare: Musade nkhawa mayi. HbA, himogulobini yabwinobwino, ikangopezeka ndiye kuti mwana wangotengera HbS ya siko selo kwa kholo limodzi lokha, AS. Inenso ndine AS, sindinagonepo m'chipatala.

Nachisale: Magazi achepa basi. Mugulireni mapiritsi a ayironi, muzimuwiritsira masamba a mapeyala.

Anamwino Nabanda: Anachisale, ayironi ayi chonde, pokhapokha adokotala atayeza n'kupeza kuti ndi wochepadi. Magazi a mwana wa siko selo amachepa chifukwa maselo ofiira amafa msanga, pamasiku 10 mpaka 20 m'malo mwa 120. Akamathiridwanso magazi, ayironi amachita kuchuluka m'thupi.

A Phiri, mwanena zoona pang'ono. Munthu wa AS amakhaladi ndi HbA, koma imaposa HbS nthawi zonse: A cha m'ma 55 mpaka 60, S cha m'ma 35 mpaka 40. Apa zatembenuka, S ndiye wochuluka. Komanso wa AS satupa zala ali khanda. Amake Tadala, mwanayu anathiridwapo magazi posachedwa?

Amake Tadala: Eya anamwino, mwezi watha. Anayera m'manja ndi m'maso, anamugoneka masiku anayi. Poyezetsa sanandifunse, inenso sindinanene.

Anamwino Nabanda: Nkhani yagona pamenepo. Mwana wa SS, wotengera S kwa makolo onse awiri, sapanga HbA ngakhale pang'ono. Pepala lake limaonetsa S wambiri, nthawi zambiri kupitirira 80, F pang'ono, A2 cha m'ma 2 kapena 3, pa A palibe kanthu. Koma makina sadziwa kuti magazi awa ndi a mwana, awa ndi a munthu amene anapereka. HbA 31 ija ikhoza kukhala yobwereka. Imatha yokha, n'chifukwa chake timati kuyeza kubwerezedwe pakatha miyezi itatu chithiridwireni magazi.

Pali china chimene chingapereke manambala otere. Mwana akatengera S kwa kholo limodzi ndi vuto lina la magazi lotchedwa beta thalasimiya kwa linalo, amatha kupanga HbA yake yochepa, yosafika pa S. Zikatero A2 imakonda kupitirira 3.5 ndipo maselo amakhala aang'ono, muone pamene palembedwa MCV, muyeso wa kukula kwa maselo ofiira, pa pepala lina la zotsatira za magazi. Kwa inu A2 ndi 3, choncho ine ndikukayikira kwambiri magazi othiridwawo. Koma nawonso amasokoneza A2 ndi MCV, ndiye sindingalumbire. Njira yachidule ndi yoti inu ndi bambo ake muyezetse.

Amake Tadala: Ine ndinayezetsa, ndine AS. Bambo ake akukana, akuti kwawo kulibe zimenezi. Nanga ululuwu umachokera pati, poti sanagwe, sanavulale?

Anamwino Nabanda: HbS ikapereka mpweya wa okosijeni ku thupi, imagwirana n'kupanga timizere touma mkati mwa selo. Selo limene linali lofewa, lotha kupindika podutsa m'timitsempha, limauma n'kukhota ngati zenga, limayambanso kumata m'mbali mwa mtsempha. Maselo oyera amamatirira pomwepo, njira n'kutsekeka. Fupa la kutsogoloko limasowa mpweya, mafuta a mkati mwake amatupa koma alibe kofutukukira. Ululu wake ndi umenewo. Ndiye pamene patsekekapo mpweya umacheperachepera, maselo enanso n'kukhota.

Kuzizira kumafinya mitsempha, magazi n'kumayenda pang'onopang'ono, maselo n'kupeza nthawi yokhotera asanabwerere ku mapapo. Madzi akachepa m'thupi, HbS imathinana mu selo ndipo imagwirana msanga. Ndiye Juni wa kuno Harare, ana samva ludzu, m'mawa tikuwasambitsa madzi ozizira magetsi atathima. Muzimumwetsa madzi pafupipafupi, pamene pakupweteka muziika nsalu yofunda, osati yozizira. Koma thupi likatentha kufika 38, kapena akubanika, akumva chifuwa kupweteka, mimba yatupa kumanzere, kapena mkono walefuka, thamangani kuchipatala, musadikire sabata yamawa.

Mai Gondwe, Epworth: Wanga ndi SS. Miyezi isanu yoyamba anali bwinobwino, tinkati tapulumuka. Anatiuza kuti HbF, himogulobini ya ukhanda, ndi imene inkamuteteza chifukwa siigwirana ndi S. Pano akumwa hayidirokisiyuriya, F yake inakwera kufika 19, kugonekedwa kunachepa. Koma amamuyeza magazi kawirikawiri, ndipo mankhwalawo sapezeka nthawi zonse.

Bambo Phiri wa ku Mbare: Anamwino, ndiye kuti mwanayo akapezeka SS, bambo ake ali ndi S ndithu?

Anamwino Nabanda: Eya, SS imafuna S kuchokera konsekonse. A AS ambiri sadwala, ndiye banja limatha kukhala nayo mibadwo ingapo osadziwa. Makolo onse akakhala AS, mimba iliyonse ili ndi mwayi umodzi pa inayi wa SS.

Amake Tadala: Zikomo nonse. Ndapeza kakhadi ka kuchipatala, anamuthira magazi pa 14 Meyi. Ndikaonetsa adokotala. Za bambo akezo ndiyesa kudzera kwa amalume awo, mwina iwowo akawamvera.