Kasitomala akufuna kavadi kolo pa masheya 300, ndimuuze chiyani?

Wa pa Ginnery Corner

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru Lachisanu lisanafike. Ndili ndi kasitomala, bambo wachikulire amene anagwira ntchito ku America zaka zambiri, pano anabwerera ndipo akukhala ku Namiwawa. Ali ndi masheya 300 a kampani ina yakomweko, anawagula pa madola 32 imodzi, lero ali pa madola 50. Akaunti yawo kwa buloka wa kunjako ikugwirabe. Mwana wawo wawauza kuti mwezi ndi mwezi azigulitsa kavadi kolo, kutanthauza kulandira kandalama polonjeza munthu wina kuti akafuna adzagula masheya omwe iwo ali nawo pa mtengo wogwirizana tsiku loikika lisanapitirire, kuti azipezako ya fizi ya adzukulu osagulitsa masheyawo. Dzulo anabwera ndi foni kudzandionetsa: kolo ya madola 55, yotha pakadutsa masiku 30, ikulipira masenti 80 pa sheya. Iwo achita kale masamu, akuti ndi madola 240 pamwezi, madola 2,880 pachaka, "ndalama yotola." Ine mtima ukukana koma ndikusowa poyambira kuwafotokozera.

Mlongo wa ku Chilomoni

Komatu achimwene, zimenezi pa Malawi Stock Exchange palibe. Kuno timagula ndi kugulitsa masheya ndi mabondi basi, msika wa maopushoni ngati kolo imeneyi kulibe. Mungowauza kuti adikire divideni ngati tonsefe.

Wa pa Ginnery Corner

Ayi achemwali, masheyawo si akuno. Ali ku America, ndipo buloka wawo anawatsegulira kale chilolezo cha maopushoni. Batani likudinika ndithu, nchifukwa chake ndili ndi nkhawa.

Madala a ku Sunnyside

Mphwanga, masamu a madola 240 ngolondola. Kumeneko kontirakiti imodzi imaimira masheya 100, ndiye masheya 300 ndi makontirakiti atatu, iliyonse madola 80. Pomwe bamboyo akuphonya ndi pa mawu akuti "yotola." Wogula koloyo sakupereka mphatso. Akugula ufulu wotenga masheyawo pa madola 55, ndipo bambowo akalandira ndalamayo sangakanenso, mtengo ukwere chotani.

Ine ndikamafotokozera anthu ndimayamba ndi puloti. Muli ndi puloti ku Chileka, wina akupatsani kandalama kosabweza kuti mumulonjeze kuti mwezi uno usanathe akafuna mumugulitsa pa mtengo wakutiwakuti. Mwezi ukatha zii, kandalamako nkanu, puloti njanu. Koma zikamveka kuti msewu wa tala udutsa pompo, abwera m'mamawa ndi mboni zake, ndipo mugulitsa pa mtengo wakale uja anthu oyandikana nanu akugulitsa kuwirikiza.

Tsono khalani nawo pansi ndi pepala. Tsiku lotha kontirakiti sheya ikakhala pa madola 50 pomwepo, kapena 54, palibe amene adzafune kugula pa 55, iwo atsala ndi masheya awo ndi madola 240. Apa mpomwe mwana wawo akuyang'ana. Koma sheya ikadumpha kufika pa 64, masheya onse 300 apita pa 55. Kuphatikiza masenti 80 aja, ndiye kuti agulitsa pa 55.80, zonse pamodzi madola 16,740. Akanangokhala chete osachita kalikonse akanakhala ndi katundu wa madola 19,200. Asiya madola 2,460 pa mwezi umodzi wokhawo, kuposa zomwe akanatolera pa miyezi khumi zonse zikuyenda bwino.

Ndiye muwatembenuzirenso mbali inayo. Sheya ikagwa kufika pa 42, katundu wawo watsika ndi madola 2,400, ndipo 240 ija ingochepetsa bala kufika pa 2,160. Kumwamba aika denga, pansi palibe chomwe ayala.

Kauntanti wa ku Limbe

Madala mukuwaopsa kwambiri. Choyamba, munthu anagula pa 32, akagulitsa pa 55.80 ndiye waluza chiyani? Wapindula madola 23.80 pa sheya iliyonse. Chachiwiri, mtengo ukamayandikira 55 amangoigula koloyo kuitseka, nkugulitsa ina ya mwezi wamawa ya mtengo wokwererapo. Anthu amachita zimenezi chaka chonse masheya osachoka m'manja.

Madala a ku Sunnyside

Pa choyambacho simukunama, sanaluze ndalama yomwe analowetsa. Koma funsani bambowo ngati angagone tulo ataona 64 pa foni iwo atagulitsa pa 55. Ena amagona, ena amaimbira mlangizi usiku.

Pa chachiwiricho, kusuntha koloyo kumatheka mtengo ukamakwera pang'onopang'ono. Vuto nlakuti masheya sakwera mwaulemu choncho. Nkhani imatuluka msika utatseka, mawa lake mukudzuka sheya yatsegukira pa 64. Nthawi imeneyo kolo ya 55 simungaigule pansi pa madola 9 pa sheya, chifukwa ndiwo mpata wa pakati pa 55 ndi 64. Makontirakiti atatu ndi madola 2,700, otuluka m'thumba tsiku lomwelo. Munalandira 240, mukulipira 2,700. Kolo yatsopano mugulitseyo ibwezako pang'ono, inde, koma mwangokankhira nkhani yomweyo kutsogolo ndi denga lina. Kwa munthu amene akufuna ya fizi, 2,700 imeneyo aitenga kuti?

China chimene chandikayikitsa ndi masenti 80 omwewo. Pa sheya ya madola 50, kolo yomwe ili madola 5 pamwamba, ya mwezi umodzi wokha, pa kampani yodekha siilipira chonchi. Ikanona chotere ndiye kuti msika ukuyembekeza kugwedezeka. Mphwanga, kaoneni tsiku lomwe kampaniyo itulutse lipoti la phindu la miyezi itatu. Ndikukayika ngati silili mkati mwa masiku 30 amenewa.

Wa pa Ginnery Corner

Ndaona, madala. Lipoti likutuluka kutatsala masiku asanu ndi anayi kuti kontirakiti ithe. Ndayang'ananso kolo ngati yomweyo imene ikutha lipoti lisanatuluke, ikulipira masenti 15 okha. Masiku ake ngochepa, komabe kusiyanako nkwakukulu.

Madala a ku Sunnyside

Ndiye mwaipeza. Chomwe akuwalipira ndi chakuti anyamule usiku wa lipotiwo. Ndipo zija za 2,880 pachaka zigwere pomwepo, poti malipoti amabwera kanayi pachaka, osati mwezi uliwonse. Miyezi inayo azidzalandira zochepa pokhapokha atatsitsa denga kuliyandikitsa ku 50, ndipo akatero masheya sachedwa kupita.

Mlongo wa ku Chilomoni

Tsopano ndamva. Komatu zimenezi ndinazichitapo osadziwa dzina lake. Ndinali ndi masheya a banki ina yakuno, mnzanga wa kutchalitchi anandipatsa kandalama kuti pakatha miyezi itatu ndidzamugulitse pa mtengo womwe tinalemba pa kapepala. Ine ndinaona ngati ndamudyera. Banki ija italengeza phindu masheya anathamanga, mnzanga uja anabwera ndi kapepala kake atakapinda bwinobwino m'Baibulo. Ndinayesa kuzemba, nkhani inafika kwa akuluampingo. Ndinagulitsa. Mpaka lero tsamba la mitengo ya masheya m'nyuzipepala ndimalidumpha.

Kauntanti wa ku Limbe

Pepani achemwali, ndaseka. Koma kunjako kulibe zozemba kapena akuluampingo, masheya amangochoka mu akaunti mukugona. Ine ndikuumirirabe kuti njirayi si yoipa. Miyezi yambiri sheya imangoyendayenda pamalo amodzi, ndipo wogulitsa kolo ndi amene amadya. Ndili ndi funso lina: kampaniyo imapereka divideni? Chifukwa bola masheya ali m'manja mwawo, divideni ndi yawo, kuwonjezera pa 240 ija.

Madala a ku Sunnyside

Ndi yawo ngati masheya akadalipo pa tsiku lake. Maopushoni a masheya a ku America munthu atha kuwagwiritsa ntchito tsiku lililonse kontirakiti isanathe, sadikira lomaliza. Tinene kuti sheya ili pa 57, kolo ya 55 ikugulidwa pa 2.15. Madola 2 ndi mpata uja, masenti 15 ndi mtengo wa masiku otsalawo. Divideni ikakhala ya masenti 40, wogula uja aona kuti nkwabwino kutaya 15 nkutenga 40, ndiye alanda masheyawo kutatsala tsiku limodzi kuti sheya iyambe kugulidwa yopanda divideni. Chizindikiro chake nchimenecho: sheya ili pamwamba pa denga lanu, ndipo divideni yaposa kamtengo ka masiku otsalako.

Msampha wina umene ndauonapo umabwera sheya ikagwa. Ili pa 42, kolo ya 55 sikulipiranso kanthu, munthu wazolowera kulandira mwezi ndi mwezi, ndiye amatsika nkugulitsa ya 45. Sheya ikabwerera ku 52, masheya apita pa 45. Imeneyi imawawa kuposa ija ya 64.

Wa pa Ginnery Corner

Nanga Lachisanu ndiwauze kuti asiye?

Madala a ku Sunnyside

Muwafunse funso limodzi kaye: pa masheya 300 amenewa, ndi angati omwe angasangalale kugulitsa pa 55 ngakhale popanda wowalipira? Akati 100, agulitse kontirakiti imodzi yokha, 200 enawo akhale opanda denga. Sheya ikafika pa 64 asiya madola 820 m'malo mwa 2,460. Akati palibe ngakhale imodzi, ndiye kuti njirayi si yawo. Ngati achita, muonetsetse kuti pa sikirini asankha `Sell to Open`, nambala ya makontirakiti ndi 1 osati 100, ndipo aika mtengo wawo ndi `Limit` m'malo motenga uliwonse womwe ulipo, chifukwa pa maopushoni mpata wa pakati pa ogula ndi ogulitsa umatha kudya masenti angapo pa 80 amenewo. Komanso masheya 100 amenewo asawagulitse kolo ikadali yotsegula, ayambe aitseka ndi `Buy to Close`.

Mlongo wa ku Chilomoni

Funso la munthu wosaphunzira: ngati akufuna madola 240, bwanji osangogulitsa masheya asanu? Ndi madola 250 amenewo. Atsala ndi 295, ndipo zikafika pa 64 paja ali ndi 18,880 kuphatikiza 250, ndiye 19,130, osati 16,740.

Kauntanti wa ku Limbe

Masamuwo ali bwino, koma sheya ikangokhala pa 50 inu muli ndi 15,000 pomwe wa kolo ali ndi 15,240 ndi masheya ake onse. Mukamadula asanu mwezi uliwonse, pachaka mwadya 60. Nkhuku mukuidya nthenga ndi nthenga. Ndipo palibe amene wakamba za msonkho pano. Munthu wogula pa 32 akagulitsa 300 nthawi imodzi pa 55, phindu lake ndi madola 6,900, zimenezo zifunika aziunike ndi wodziwa malamulo a mbali zonse ziwiri asanadine kalikonse.

Wa pa Ginnery Corner

Ndawaimbira bambo aja. Pa funso la madala ayankha kuti 100 atha kugulitsa pa 55, "koma pa 60 zikanakhala bwino." Ndayang'ana kolo ya 60 ya tsiku lomwelo, ikulipira masenti 25, ndiye madola 25 pa kontirakiti buloka asanadule yake. Atamva zimenezo anakhala chete kanthawi, kenako anafunsa za masheya asanu aja. Akuti Lachisanu abwera ndi mwana wawo pa foni, ndipo mwanayo akuumirirabe makontirakiti atatu.