Imelo ikubwera kambirimbiri dera limodzi likafika madandaulo 5

Chikondi: Akuluakulu ndithandizeni. Kuntchito kwathu timagulitsa intaneti ya m'manyumba ku Lilongwe kuno, makasitomala netiweki ikavuta amadzaza fomu ya Google ndiye zimagwera mu shiti. Ndinalemba kasikiliputi koti dera limodzi likafika madandaulo 5 patsiku atekinishani alandire imelo. Dzulo ku Area 25 kunavuta, anadandaula anthu 23, atekinishani analandira maimelo 19 ndipo pano akuti ndizimitse chinthucho. Ndinalemba `if (angati >= 5)` basi.

Mai Nyirenda: Bwanji osangoika Conditional formatting selo izifiira ikafika 5? Ife kufamase timatero mankhwala akatsala pang'ono.

Chikondi: Amayi vuto ndi loti anthuwa amakhala ali padenga la munthu, shiti satsegula, pakufunika china choti chiwapeze komweko.

Yamikani: Zophweka izo aise, `>=` imavomera 5, 6, 7 mpaka 23 nchifukwa chake 19. Ika `== 5` itumiza kamodzi.

Bambo Gondwe: Yamikani chifukwa chake wachipeza koma mankhwalawo ndi oopsa. Netiweki ikagwa anthu amadandaula nthawi imodzi, ndiye tiyerekeze muli pa 4, anthu awiri atumiza fomu sekondi yomweyo, mizere yonse iwiri yalowa sikiliputi isanawerenge. Iwerenga 6 ulendo woyamba, 6 ulendo wachiwiri, 5 sinamuone ndipo imelo sipita tsiku lonse, inu nkumati kuli bata pomwe makasitomala akutukwana. Komanso wina akafufuta mzere wobwereza nambala ibwerera pa 4 ndipo mudzatumizanso. Siyani `>=` momwemo, chikusowa ndi funso lachiwiri loti kodi dera limeneli tawauza kale lero? Pangani tabu ya madera, kolamu ina muzilembamo deti lomwe imelo yapita.

```
const lero = Utilities.formatDate(new Date(),
  "Africa/Blantyre", "yyyy-MM-dd");
if (angati >= 5 && selo.getValue() !== lero) {
  MailApp.sendEmail(imelo, mutu, uthenga);
  selo.setValue(lero);
}
```

Muzilemba deti osati INDE, chifukwa INDE afunika munthu womufufuta m'mawa uliwonse pomwe deti mawa lake silifanananso ndi `lero`, zimatseguka zokha.

Chikondi: Ndaika bwana, ndayesa ndi dera la Kawale, deti likulembeka bwinobwino koma imelo ikubwerabe pa 6 ndi pa 7.

Bambo Gondwe: Taonani detilo lakhala mbali iti mu selo, kumanja kapena kumanzere?

Chikondi: Kumanja.

Bambo Gondwe: Ndi pomwepo. Shiti yaona kuti ndi deti ndiye yalisandutsa deti lenileni, sikiliputi ikamawerenga sikupezanso mawu amene inalemba aja, ndiye nthawi zonse ikuti nzosiyana. Sankhani kolamu yonse, Format > Number > Plain text, fufutani zomwe zilimo muyesenso.

Chikondi: Eeh zatheka, ndatumiza mpaka 9 imelo imodzi yokha. Zikomo kwambiri.

Yamikani: Koma abwana anthu awiri a sekondi imodzi aja sakupwetekaninso inuyo? Onse apeza selo ilibe deti, onse atumiza.

Bambo Gondwe: Zoona, zikhoza kupita ziwiri, koma ziwiri nzabwino kuposa zii. Kuti zitheretu ikani loko pamwamba, `LockService.getScriptLock()` ndi `waitLock(30000)`, wachiwiri azidikira woyamba amalize, ndipo musanamasule loko muitane `SpreadsheetApp.flush()` kuti deti likhale litalembekadi. Musaiwalenso kuti akaunti wamba ya Gmail sikiliputi imangololedwa kutumizira anthu 100 patsiku, maimelo 19 aja akanakhala opita kwa atekinishani 6 mukanatsekeredwa dzulo lomwelo.

Mai Nyirenda: Ine kanga nkakuti dera anthu akulemba okha kapena akusankha? Kwathu wina amalemba panado wina Panadol wina paracetamol, kuwerenga kunkasokonekera mpaka tinaika zongosankha.

Chikondi: Akulemba okha mayi, ndaonadi muli Area25 ndi A25, ena angolemba 25, `COUNTIFS` ikuwatenga ngati madera osiyana. Ndiye kuti dzulo anapitirira 23. Ndisintha funsolo likhale Dropdown.

Yamikani: Ine 5 yemweyo sindikumumvetsa, dera la makasitomala 200 anthu 5 si nkhani, dera la anthu 12 atatu okha ndiye kuti kwagwa chinthu. Muike malire a dera lililonse mu tabu ija.

Chikondi: Zimenezo ndikambirana ndi abwana anga kaye. Chikundidetsa nkhawa ndi pakati pausiku, anthu 4 akadandaula cha m'ma 11 ena 3 itangodutsa 12, kuwerenga kwayambiranso ndipo palibe tsiku lafika 5.

Bambo Gondwe: Pamenepo mungawerenge maola 6 apitawa m'malo mwa tsiku, koma ndiye deti lija silikwananso, pafunika kusunga ola. Usiku alipo amadzuka kukakonza?

Chikondi: Alipo mmodzi wa pa kolo koma imelo sayang'ana, amafuna WhatsApp. Alipo anapangapo zimenezo osalipira?