Bwana wa ku Lubumbashi satsegula maimelo anga, mutu wake ndiulembe bwanji m'Chifalansa?

Mnyamata wa ku Dedza:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndimagwira ntchito mu ofesi ya kampani ina ya malole kuno ku Ndola, ndipo katundu wathu wambiri amapita ku Congo kudzera pa boda ya Kasumbalesa. Ndalama iliyonse yolipira mbali ya ku Congo amavomereza ndi bwana wa nthambi yathu ya ku Lubumbashi. Iwowa Chingerezi amamva pang'ono, koma ntchito yonse amayendetsa m'Chifalansa. Ine Chifalansa ndinaphunzira kusekondale basi, chongokwanira kupereka moni ndi kuwerenga pang'onopang'ono.

Panopa lole yathu ina yaima pa boda, lero ndi tsiku lachitatu. Wotiombolera katundu anatumiza mtengo watsopano wa madola 1,850, ndipo sangayambe ntchito bwana asanavomereze. Ndinatumiza imelo Lolemba, ndinatumizanso dzulo, koma zii. Mutu umene ndinalemba ndi uwu:

`RE: RE: TR: Délai camion URGENT svp`

Dalaivala akundiimbira kawirikawiri, ndalama ya chakudya yamuthera, ndipo ine tulo sindikupeza. Kodi pamutupa ndalakwitsa chiyani? Ndilembe zotani kuti akangoona pa foni atsegule n'kuchitapo kanthu?

Che Jumbo:
Mwana wa mayi, vuto ndi loti URGENT wako wamubisa kumapeto. Muike koyambirira, zilembo zikuluzikulu, uwonjezere zizindikiro zofuula zitatu. Mabwana amaona chimene chikukuwa.

Mayi a Tadala:
Che Jumbo, pa mfundo yoti chofunika chikhale koyambirira mwalondola ndithu. Koma URGENT si chofunikacho. Ine ndakhala mlembi wa mabwana olankhula Chifalansa kwa zaka zambiri, ndipo ndinkawaona momwe amasankhira makalata m'mawa. Munthu amene aliyense akumulembera URGENT amafika poti mawuwo sawaonanso. Iye amafuna adziwe zinthu ziwiri asanatsegule: akufunika achite chiyani, ndipo pofika liti.

Achimwene a ku Dedza, tiyambe ndi mawu amene akupwetekani kwambiri, `délai`. Mwawalemba poganiza kuti akutanthauza kuchedwa, chifukwa amafanana ndi mawu a Chingerezi akuti `delay`. M'Chifalansa `délai` ndi nthawi imene munthu wapatsidwa kuti amalize chinthu, monga masiku asanu oti katundu afike. Kuchedwa ndi `retard`. Ndiye bwana wanu akawerenga `Délai camion` akumva ngati mukukamba za masiku amene lole imatenga pa ulendo, nkhani yoti angaione Lachisanu akapeza mpata. Ndipotu ngakhale `retard` sakukwana pano, chifukwa lole yanu sikuti ikuyenda mochedwa, yaima. Mawu ake ndi `bloqué`: `camion bloqué à Kasumbalesa`. Munthu wa zamalole akaona amenewa amadziwa kuti tsiku lililonse ndalama ikupita.

Chachiwiri ndi `RE: RE: TR:` uja. `TR` ndi chidule cha `transfert`, kusonyeza kuti kalatayo yangopatsiridwa kuchokera kwina. Bwana akaona mndandanda wotero amaganiza kuti ndi macheza a anthu ena amene iye wangoikidwamo kuti adziwe. Komanso pa foni mutu umadulidwa, ndiye malo ochepa amene munali nawo mwawapereka kwa zilembo zopanda uthenga. Yambani imelo yatsopano, pepala la mtengolo muliphatikize pomwepo, mutu wake ukhale wotere:

`Pour validation avant jeudi 10 h : devis transitaire, camion bloqué à Kasumbalesa`

Onani mmene zayalidwira. Poyamba ndi ntchito imene mukufuna kwa iwo, kenako nthawi, kenako pepala lake la mtengo lochokera kwa `transitaire`, amene ndi woombola katundu uja, pomaliza chifukwa. Foni ikadula pakati, chotsala chikhalabe chomveka: pali choti ndivomereze Lachinayi 10 koloko isanakwane. Mitu ya makalata a ntchito m'Chifalansa imakonda mayina a zinthu osati chiganizo chathunthu, n'chifukwa chake simukuona "ndikupempha kuti" kapena `svp` mmenemo. Ulemu wonse muusungire m'kati mwa kalata.

Mnyamata wa ku Dedza:
Mayi, zikomo kwambiri, za `délai` sindinkadziwa n'komwe. Funso langa ndi pa `devis`. Ine ndimadziwa `facture`. Kodi si chimodzimodzi?

Mayi a Tadala:
Ayi achimwene, ndipo apa samalani. `Devis` ndi mtengo umene munthu wanena ntchito isanagwiridwe, woyembekezera kuti muvomere. `Facture` ndi pepala lofuna malipiro. Mukalemba `facture`, bwana akhoza kungoikankhira kwa owerengera ndalama osaiwerenga, n'kukakhala pa mzere wa zolipira kumapeto kwa mwezi. Tayang'anani pamwamba pa pepala limene wakutumizirani woombola katunduyo. Mawu amene alembedwa pamenepo ndi omwe muike pa mutu, ngakhale atakhala `facture pro forma`, kuti bwana akatsegula apeze chomwecho chimene mwamuuza.

Nachisale wa ku Liège:
Ine ndikuona kuti vuto ndi mathero a kalata. Afalansa amafuna umalize ndi `Veuillez agréer, Monsieur, l'expression de mes salutations distinguées`. Ine nditangofika kuno ku Belgium ndinalembera eni nyumba popanda mawu amenewa ndipo anandiyankha mozizira kwambiri.

Aphiri Achikulire:
Chemwali, mnyamatayu kalata yake sinatsegulidwe n'komwe, ndiye mathero awaona ndani? Komanso pa imelo ya tsiku ndi tsiku ya kuntchito `Cordialement` amakwana.

Ine ndili ndi mawu pa mutu umene apereka Mayi a Tadala. Ndautumiza ku foni yanga kuti ndione, ndipo Kasumbalesa sakuoneka, wadulidwa. Ndinagwirapo ntchito ndi anthu a ku Katanga, dera limene kuli Lubumbashi, zaka zingapo, ndipo kwa iwo dzina la bodali ndi limene limadzutsa munthu pampando. Ndikanakhala ine ndikanafupikitsa koyambako:

`À valider jeudi 10 h : camion bloqué Kasumbalesa, devis 1 850 USD`

Ndalamayo ndaiika dala. Bwana akaona kuti ndi madola 1,850 osati 18,000, amadziwa kuti angavomereze ali m'galimoto, osadikira kukhala pansi ndi akauntanti. Ndipo muone kalembedwe kake: Afalansa amasiya kampata pa masauzande, `1 850`. Mukalemba `1,850` monga timachitira ife, kwa iwo koma ija imalekanitsa nambala yathunthu ndi tizigawo take, ndiye ikuwerengeka ngati ndalama yosakwana madola awiri. Munthu wozolowera adzamvetsa, koma bwanji kumupatsa chopunthwitsa?

Mayi a Tadala:
Za nambala ndikugwirizana nanu, Aphiri, ndinaiwala. Koma `À valider` ine sindingamulembere bwana wanga. Amamveka ngati kapepala komata pa fayilo, kochokera kwa wamkulu kupita kwa wamng'ono: ichi chichitike. `Pour validation` amanena zomwezo koma sakuloza munthu chala. Wofuna kudzichepetsa kwambiri amalemba `Demande de validation`, kungoti amadya malo. Mnyamatayu ndi kalaliki, akulembera mkulu wa nthambi amene mwina sanaonanepo naye maso ndi maso.

Komanso mwachotsa `avant`. `À valider jeudi 10 h` akhoza kumveka ngati ntchitoyo ichitike Lachinayi 10 koloko, osati nthawiyo isanafike. Bwana woti akanavomereza lero adzaisiya mpaka mawa, poti mwamuuza nokha.

Aphiri Achikulire:
Pa `avant` ndagonja. Pa `À valider` ayi. Anthu a zamalole amalemberana mwachidule chomwecho ndipo palibe amakwiya. Zimatengera bwana wake. Mnyamata, tayang'ana mitu ya maimelo amene antchito a ku Lubumbashi amamulembera bwanayo iwe utaikidwamo. Ukaona akulemba `À signer` kapena `À valider`, nawe lemba. Ukaona `Demande de`, tsata Mayi a Tadala.

Mphunzitsi wa ku Zomba:
Ine ndimaphunzitsa Chifalansa, ndiye ndingowonjeza tating'onoting'ono timene timaonetsa kuti wolemba wasamala. Mayina a masiku ndi miyezi amayamba ndi chilembo chaching'ono, `jeudi` osati `Jeudi`. Chizindikiro cha madontho awiri chimakhala ndi kampata kutsogolo kwake, monga alembera anzangawa. Ndipo mukasankha njira ya Aphiri, kachizindikiro ka pamwamba pa `À` musakasiye. Pa kompyuta ya Windows gwirani `Alt` n'kulemba `0192` pa manambala a kudzanja lamanja. Pa foni ingodinani A osachotsa chala, katuluka. `bloqué` nayenso akhale ndi kake, `Alt` ndi `0233`, chifukwa `camion bloque` popanda kachizindikiro akumveka ngati loleyo ndi imene ikutsekereza ena.

Chinanso: pamene mwatchula ola, `avant` alibe vuto. Koma tsiku lina mukadzalemba deti lokha, monga `avant le 14`, ena amamva kuti pa 14 pomwepo nthawi ikadalipo, ena amamva kuti pa 13 ndiye pothera. Lembani `au plus tard le 14`, kutanthauza kuti pa 14 ndiye pothera, mkangano sukhalapo.

Che Jumbo:
Zonsezi zili bwino, koma lole ili pa boda anthuni. Bwanji osangomuimbira foni bwanayo?

Mnyamata wa ku Dedza:
Che Jumbo, ndinaimba kawiri, sakuyankha, ndipo ngakhale atayankha, woombola katundu akufuna chivomerezo cholembedwa. Ndafufuza monga anenera Aphiri. Anzathu a ku Lubumbashi ambiri amalemba `Pour validation` ndi `Pour signature`, mmodzi yekha ndi amene amalemba `À signer`, ndipo iyeyo ndi wachiwiri kwa bwana. Pepala lija pamwamba palembedwa `Devis`. Ndiye ndatumiza imelo yatsopano, mutu wake:

`Pour validation avant jeudi 10 h : camion bloqué à Kasumbalesa, devis 1 850 USD`

Mzere woyamba m'kati ndalemba kuti yankho la `OK` lokha likwanira. Ndawatumiziranso uthenga pa WhatsApp wongokopera mutu womwewo kuti aufufuze mosavuta. Nanga akapanda kuyankha pofika mawa m'mawa, ndiyambe ndi `Rappel` kapena `Relance`?

Mayi a Tadala:
Ine ndingalembe `Rappel`. `Relance` ndi mawu amene timagwiritsa ntchito potsatira kasitomala amene sanalipire, ndiye kwa bwana amandivuta.

Aphiri Achikulire:
Kwa ine ndi `Rappel` amene amamveka ngati ukumuuza bwana kuti waiwala. `Relance` m'maofesi amalembedwa tsiku lililonse. Koma chilichonse usankhe, mawu ena onse a mutuwo usasinthe, kuti azindikire kuti ndi nkhani yomwe ija. Ndipo kodi wachiwiri kwa bwana uja wamuikamo mu imeloyo?

Mnyamata wa ku Dedza:
Sindinamuike. Ndikumutumizira pompano.