Thandizeni: potseka meseji tizilemba "to hear" kapena "to hearing"?

Nachisale: Abale anga a pagulu pano, ndithandizeniko. Ndimasoka mayunifolomu a sukulu ku Zomba kuno, ndipo maoda ambiri amabwera pa foni. Dzulo ndinatumiza mitengo ya masiketi 60 ndi malaya 60 kwa akuluakulu a sukulu ina yapulayiveti. Pomaliza ndinalemba kuti "Looking forward to hear from you." Mng'ono wanga ali Fomu 4, ndiye ataona mesejiyo anati achemwali mwalakwitsa, pamafunika "hearing". Mtima wanga unangoti myuu, chifukwa mawu amenewa ndakhala ndikuwalemba kwa makasitomala zaka zitatu. Ife kusukulu anatiuza kuti pambuyo pa "to" mneni samatenga "-ing". Nanga cholondola ndi chiti? Komanso nditumize ina yokonza, kapena ndingozisiya?

Bambo a Tadala: Mng'ono wanuyo akunena zoona mayi. Mukayamba ndi "looking" mumalizanso ndi "hearing", ma "-ing" awiriwo amayendera limodzi. Mukalemba "I look forward" ndiye mutha kunena "to hear".

A Gondwe: Bambo a Tadala, theka loyambalo mwakhoza, koma lachiwirilo lisocheretsa anthu. Ngakhale mulembe "I look forward", kutsogoloko kumakhalabe "to hearing". Nkhani sili pa "looking" ayi, ili pa "to".

Mayi Nachisale, aphunzitsi anu sanakunamizeni, kungoti Chingerezi chili ndi "to" awiri ofanana nkhope. Woyamba ndi uja amatsogolera mneni, monga mu "I want to go". Wachiwiri ndi mperekezi, yemwe uja wa mu "I am going to Lilongwe", ndipo ameneyu amafuna dzina la chinthu patsogolo pake. "To" wa mu "look forward to" ndi wachiwiriyu. Ndi chifukwa chake timalemba "I look forward to your reply" kapena "I look forward to the meeting" popanda chovuta. Tsono mukafuna kuika mneni pamalo pamene pamakhala dzinapo, mneniyo amayenera kuvala "-ing" kuti agwire ntchito ya dzina. Ndiye "hearing", "meeting", "working".

Ana anga m'kalasi ndimawapatsa njira iyi. Chotsani mneniyo muikepo "it". Mukanena "I look forward to it" zikumveka bwinobwino, ndiye kuti pamenepo mneni akabwera akhale wa "-ing". Yesani tsopano "I want to it" kapena "I hope to it". Sizikumveka, ndiye kuti pamenepo mneni akhale wosavala kanthu.

Nachisale: Zikomo aphunzitsi, ndayesa ndipo zikutheka. Koma ndiye "Hope to hear from you soon" ndi yolondola? Chifukwa imeneyonso ndimailemba.

A Gondwe: Imeneyo ili bwino, musaisinthe. Ndipo ndikuona ngati chisokonezo chimachokera pomwepo, chifukwa ziganizo ziwirizi zimakhala pamalo amodzi, kumapeto kwa meseji, tanthauzo lakenso ndi loyandikana. Munthu amatenga mutu wa china n'kulumikiza ndi mchira wa chinzake. China ndi chakuti m'Chichewa chathu "kumva" amagwira ntchito zonse ziwiri osasintha maonekedwe. Timati "ndikufuna kumva", timatinso "kumva kwake n'kovuta", mawu ake omwewo. Pamene ife tili ndi "ku-" mmodzi, Chingerezi chimagawa pawiri, ndiye khutu lathu silidandaula tikaphonya.

Mlongo wa ku Joni: Ine kuno ku Johannesburg ndimagwira ntchito pamalo olandirira alendo, maimelo ndimawerenga tsiku lililonse. "Looking forward to hear" ndimaiona kawirikawiri, ngakhale kuchokera kwa mabwana a makampani. Mwina ina ndi ya ku America ina ya ku Britain?

Chikondi M.: Ayi asisi, ndakhala ku Leeds, ku Britain, zaka 9 ndipo anzanga a kuntchito ena ndi a ku America. Onsewo amalemba "hearing". Kusiyana kumene ndimakuona ine ndi kwa kulemera kwa mawu basi. "I look forward to hearing from you" ndi ya kalata ya ku ofesi, yofunsira ntchito kapena yopita kwa munthu amene simunakumanepo naye. "I'm looking forward to hearing from you" yafewerapo. "Looking forward to hearing from you", yopanda "I am" kumayambiriro, ndi ya meseji yaifupi ngati ya pa WhatsApp. Kwa kasitomala watsopano ine ndingasankhe yoyambayo.

Kamwendo: Inetu vuto ndimaliona pa "hear" ndi "here". Anthu ambiri amalemba "here from you", zimandiwawa kwabasi. Onetsetsani sipelo mayi.

Nachisale: Sipelo inali bwino achimwene, funso langa lili pa "-ing".

Mai Banda: Ndiloleni ndiikepo yanga. Chaka chatha mwana wanga analembera ntchito ya ukalaliki, kalata yake anamaliza ndi "I am looking forward for your response." Sanamuitane ku intavyu. Mpaka lero ndimadzifunsa ngati chinali chimenecho. Kodi "for" ameneyu ali bwino?

A Gondwe: "For" salowa pamenepo mayi, ndi "to your response". Amachokera ku "waiting for your response", kusakaniza komwe kuja kwa mutu ndi mchira. Koma zoti ndi chimene chinamulepheretsa, palibe angakutsimikizireni pano. Pa ntchito yolemba makalata, mabwana ena amayang'anadi zoterezi, ena saziona n'komwe.

Wakwithu Jere: Aphunzitsi, ndili ndi chiganizo chimene chikuphwanya lamulo lanu. "The driver looked forward to see the road." Apa "see" alibe "-ing" koma sichikumveka cholakwika.

A Gondwe: Mwagwira pabwino a Jere. Chiganizocho n'cholondola, koma tanthauzo lasintha. Dalaivalayo wayang'ana kutsogolo ndi maso enieni kuti aone msewu, ndipo "to" ameneyo akutanthauza "kuti". Sakudikira kanthu mwachidwi. Mukalemba "looked forward to seeing the road" ndiye kuti munthuyo amaulakalaka msewuwo. Zofanana ndi izi zimachitika pa "used to". "I used to sew at night" ndi kunena kuti kale ndinkasoka usiku, pamene "I am used to sewing at night" ndi kunena kuti ndinazolowera kusoka usiku. Yesani "it" uja, muona kuti "I am used to it" ikumveka.

Chikondi M.: Pa funso lanu lachiwiri mayi Nachisale, ine ndikuti musatumize yokonza. Kasitomalayo akuyang'ana mtengo wa siketi ndi tsiku lomwe mudzamalize. Mukatumiza meseji yongokonza mawu amodzi, mukumulozera cholakwa chimene mwina sanachione.

Bambo a Tadala: Apo ine ndikusiyana nanu. Amenewa ndi anthu a sukulu, galamala ndiyo ntchito yawo. Ngati anatumiza pa WhatsApp, bwanji osangoikonza mesejiyo?

Chikondi M.: Kukonza meseji pa WhatsApp kumatheka m'mphindi 15 zokha chiitumizireni, ndipo imaonetsa kuti yakonzedwa. Ya dzulo nthawi yake inadutsa.

Nachisale: Ndamva nonse, zikomo kwambiri. Yokonza yokhayokha sinditumiza. Lachisanu ndiyenera kuwatumizira zithunzi za nsalu, ndiye pomaliza ndidzalemba "I look forward to hearing from you." Aphunzitsi a Gondwe, ndikafuna kunena kuti ndikuyembekezera kugwira nawo ntchito, ndiye kuti ndi "to working with you" eti?

A Gondwe: Eya mayi, "I look forward to working with you."