Ngongole ya K120,000 yolowera bizinesi ya sopo: tipereke kapena ayi?

Wapampando: Amayi a ku Lizulu apempha K120,000 yolowera bizinesi yolowetsana anthu, ndipo anzathu atatu akufuna kubwerekanso kuti alowe pansi pawo. Yonse ndi K480,000 kuchoka m'bokosi la banki mkhonde yathu. Amsungichuma akana, akuti ndi piramidi, bizinesi imene olowa kale amadya ndalama za olowa kumene. Tiyeni timvane Lachinayi lisanafike.

Amayi a ku Lizulu: Akukaniranji poti masheya anga ndi okwana? Kampaniyi ili ndi satifiketi, katundu aliponso, sopo ndi tiyi. Piramidi sikhala ndi katundu.

Msungichuma: Amayi, ambiri a piramidi masiku ano amaika katundu pamwamba ngati chivundikiro. Satifiketi imangosonyeza kuti kampani inalembetsa. Funso langa n'lakuti: ndalama imene muzilandira ikuchoka m'thumba la ndani? Pepala lanu likuti sopo mupikula K4,500, mugulitsa K5,000. Phindu K500. Koma mukalowetsa munthu akupatsani K30,000 nthawi yomweyo. Chiwongoladzanja chathu ndi 20 peresenti, ndiye K24,000 pamwezi. Kuti muipeze pa sopo mugulitse 48 mwezi uliwonse, ngongole yeniyeniyo musanaikhudze. Pa Lizulu, pomwe sopo wotchipa ali mbwee, ndani agule 48 wa K5,000? Mudzasiya sopo n'kumasaka anthu, ndipo K30,000 imeneyo ikuchoka pa K120,000 ya wolowayo.

Mlembi: Komatu tisaphatikize zonse. Kulandira kenakake pa anthu a pansi pako sikulakwa, bola kachokere pa katundu amene iwo agulitsadi kwa makasitomala akunja. Amayi, funsani zitatu izi. Mukapanda kulowetsa munthu chaka chonse, mupeza ndalama? Akukukakamizani kugula katundu mwezi ndi mwezi kuti musataye mabonasi? Katundu akakukanikani, kampani imamulandira n'kubweza ndalama?

Amayi a ku Lizulu: Kugula kulipo, K25,000 pamwezi. Zobweza sananene.

Msungichuma: Ndiye kasitomala wawo ndinu. Mwezi uliwonse mupeze K49,000 musanadyepo kanthu, makatoni akuunjikana kuchipinda.

Agogo a gulu: Ana inu, nanga ife sitidya ndalama za anzathu pogawana mu Disembala? Ndiye nafenso ndife piramidi?

Mlembi: Ayi agogo. Ife tilipo 20, ndipo phindu ndi chiwongoladzanja cha ngongole zolembedwa m'buku. Asabwere watsopano ngakhale mmodzi, tigawanabe. Kumeneko aliyense asake atatu: 3, 9, 27, 81, 243. Pakaima paliponse, anthu pafupifupi awiri mwa atatu alionse amakhala mzere wapansi, alipira koma alibe wowalipira.

Bambo wa ku Tsangano: Malamulo athu sanena kuti tizifunsa ntchito ya ngongole. Ine ya feteleza wa mbatata palibe anandifunsa. Apatseni, akalephera tilanda masheya.

Msungichuma: Mmodzi, mwina. Koma anayi odalira thumba limodzi, masheya awo sakwana K480,000.

Wapampando: Atatu aja ayambe adikira. Amayi, bweretsani pepala la malipiro la amene akukulowetsaniyo, tione zingati zachokera pa sopo, zingati pa anthu. Za lamulo abambo anenazi tidzavota.