Ndipemphe tchuthi chanji kuti ndikadwazike mayi?

Moni nonse pagulu pano. Ndimagwira ntchito pakampani ina ku Blantyre, ndipo mayi akudwala ku Dedza. Ndikufunika masabata atatu okawadwazika, koma pa tchuthi chapachaka pangotsala masiku 8, ndipo awa ndimasungira nyengo yokolola.

Mu kontrakiti yanga alemba kuti tchuthi chapadera n'cha "maliro ndi zogwa mwadzidzidzi", osatchula za kudwazika kholo. Abwana anandilozera ku ofesi ya za antchito, kumeneko anangondipatsa fomu ya tchuthi chosalandira malipiro. Nanga lendi ndilipira bwanji?

Amene munazionapo, matenda a kholo amawerengedwa ngati zogwa mwadzidzidzi? Ngati ayi, n'zotheka kuyamba ndi masiku 8 aja kenako kupitiriza osalandira? Ndipo masiku osalandirawo amakhudza penshoni?